Woipitsa mtsinje alipire, koma alipira yani?

Pa 6 Novembala 2006, paipi yonyamula zinyalala za mgodi wa kopa wa Nchanga, m'tauni ya Chingola ku Zambia, inaphulika. Matope osakanikirana ndi asidi anatsikira m'timitsinje ta Chingola ndi Mushishima, n'kukathira mumtsinje waukulu wa Kafue. Madzi anasintha mtundu, n'kukhala obiriwira, ndipo nsomba zinayandama zitafa. A zamadzi anatseka mipopi ya m'tauniyo kwa masiku angapo, koma anthu a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje, omwe amatunga kudambo tsiku lililonse, anali atamwa kale. Amene anakwanitsa kufika kuchipatala ankadandaula m'mimba mopotokola, kutsegula m'mimba ndi kusanza.

Mwini mgodiwo sanali wobisika. Inali kampani ya Konkola Copper Mines, yomwe anthu a kumeneko amangoti KCM, ndipo gawo lake lalikulu linali m'manja mwa kampani ya Vedanta Resources, yokhala ndi likulu lake ku London. Tsiku limene paipi inaphulika linkadziwika, njira imene madzi oipawo anadutsa inkaoneka ndi maso, ndipo odwala analipo. Mukadafunsa munthu aliyense pamsika wa Chingola kuti mlandu umenewu utha bwanji, akadakuuzani kuti ndi wapafupi: kampani ilipire. Koma nkhaniyi inatenga zaka zoposa 14 ndi milandu iwiri, inadutsa m'makhoti a mayiko awiri, ndipo ambiri mwa amene anayamba kusuma anatuluka manja ali m'khosi ngakhale khoti linavomereza kuti kampani inalakwa. Momwe zinathera chonchi ndi phunziro loyenera kulimva bwino, makamaka kwa ife amene migodi ikutsegulidwa kuseri kwa midzi yathu.

Mfundo yoti woipitsa ndiye alipire si yachilendo kwa munthu wokulira kumudzi. Mbuzi yanu ikadya chimanga cha mnzanu, kubwalo la amfumu safunsa ngati munaituma. Amawerenga mapesi, inu n'kulipira. M'malamulo a masiku ano mfundoyi inalembedwa koyamba m'chaka cha 1972 ndi bungwe la mayiko olemera la OECD, ndipo m'chaka cha 1992 inalowa m'chikalata cha msonkhano waukulu wa zachilengedwe wa ku Rio de Janeiro ngati mfundo ya nambala 16. Ganizo lake ndi la zachuma. Fakitale ikamathira madzi ake oipa mumtsinje osawayeretsa, imapulumutsa ndalama. Koma ndalamazo sizisowa ayi: amazilipira ndi mayi wogula mankhwala a mwana, mlimi amene dimba lake lapsa, msodzi amene ukonde wake ukubwera wopanda kanthu, ndi kampani ya madzi imene yawonjezera mankhwala oyeretsera. Mfundoyi imangonena kuti mtengo umenewu ubwerere m'mabuku a amene anaupanga.

Pomwe anthu ambiri amasokonezeka ndi pa mawu oti "kulipira", chifukwa malipiro ake ali panjira zosiyana ndipo salowa m'thumba limodzi. Pali chindapusa, chomwe khoti limagamula boma likazenga kampani mlandu, ndipo ndalamayo imapita kuboma. Pali ndalama yokonzera mtsinje weniweniwo, yochotsera matope a poizoni ndi kubwezeretsa madzi mwakale. Ndiye pali chipukuta misozi, chopita kwa munthu amene wadwala kapena waluza mbewu ndi ziweto. Kampani ikhoza kupereka choyambacho, nyuzipepala n'kulemba kuti yalangidwa, pamene zinazo sizinakhudzidwe n'komwe. Ku Chingola komweko zinachitika: m'chaka cha 2010 madzi oipa a KCM atalowanso mu Kafue, khoti la majisitireti linailipiritsa chindapusa chosafika ngakhale madola 5,000 a ku America. Kwa kampani yogulitsa kopa kunja, imeneyo ndi ndalama yosamveka kuti yatuluka, ndipo mwa ndalama yochepayo munthu wakumudzi sanaonepo ngakhale tambala.

Choncho wofuna chipukuta misozi ayenera kudzisumira yekha. Apa ndi pamene funso loyamba la khoti limabwera, funso limene lagwetsa milandu yambiri isanamvedwe n'komwe: inuyo nkhaniyi ikukukhudzani bwanji? Malamulo amene Zambia ndi Malawi anatengera kwa Angerezi anali ouma pamenepa. Chinthu chikaipa chokhudza anthu onse, monga msewu kapena mtsinje, woyenera kuchidandaulira anali mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Munthu wamba ankaloledwa kusuma pokhapokha ataonetsa kuti iyeyo wapwetekeka mwapadera kuposa anzake, kapena kuti ali ndi malo ogundana ndi mtsinjewo. Zotsatira zake zinali zodabwitsa: vuto likakula n'kukhudza aliyense, m'pamenenso zinkavuta kupeza munthu wololedwa kulitengera kukhoti. Onjezeranipo kuti mudzi, pawokha, malamulo sauona ngati munthu woti n'kusuma. Mfumu ikhoza kulankhulira anthu ake pa msonkhano, koma pofuna chipukuta misozi cha m'mimba mwa munthu aliyense, khoti limafuna mayina.

Anthu a ku Chingola anasonkhanitsa mayinawo. M'chaka cha 2007, James Nyasulu ndi anzake 2,000 anakasuma ku khoti lalikulu ku Lusaka. Anasumira KCM, bungwe loona zachilengedwe la nthawi imeneyo la Environmental Council of Zambia, ndi khonsolo ya Chingola. Pakhomo la khoti sanabwezedwe, chifukwa aliyense ankanena kuti iye mwini anamwa madziwo n'kudwala. Mu Novembala 2011, Jaji Phillip Musonda anagamula kuti kampaniyo inachita zinthu mosasamala, ndipo analamula kuti wodandaula aliyense alandire K4 miliyoni ya chipukuta misozi ndi K1 miliyoni ina yolangira kampani, kuti ena ofuna kutaya poizoni m'madzi atengerepo phunziro. Zonse pamodzi zinakwana K10 biliyoni ya ndalama zakale za ku Zambia, asanachotse maziro atatu, zomwe zinali pafupifupi madola 2 miliyoni. Munthu mmodzi ankayenera kulandira madola pafupifupi 1,000. Si chuma choti n'kumangira nyumba ya malata ndi mpanda, koma kwa mlimi wa dimba chinali chinthu.

KCM inachita apilo, ndipo m'chaka cha 2015 khoti lalikulu kwambiri la Zambia linapereka chigamulo chomwe mbali iliyonse ikanatha kunena kuti yapambana. Linavomereza kuti kampani inaipitsa madzi ndipo inali ndi mlandu. Koma K10 biliyoni ija linaichotsa. Chifukwa chake chinali chakuti mwa anthu 2,001 aja, malipoti a kuchipatala amene anafika pamaso pa jaji anali 12 okha, ndipo khoti linati sikoyenera kupereka ndalama yofanana kwa anthu masauzande potengera mapepala a anthu 12. Majaji a ku England, pomwe anadzaunika mlanduwu patsogolo pake, anaufotokoza mosapita m'mbali: madandaulo a anthu 1,989 anagwa chifukwa chosowa umboni wa kuchipatala.

N'zosavuta kukwiyira khoti pamenepa, koma tiyeni tione kaye zimene linkafuna. Pa mlandu wa mtundu uwu wodandaula amayenera kulumikiza zinthu zinayi popanda podukira. Aonetse kuti zoipazo zinachokera kwa wosumiridwayo. Aonetse kuti zinafika pamalo pamene iye amatunga kapena kuthirira. Aonetse kuti iye anamwa, anasamba kapena anadya nsombazo. Pomaliza aonetse kuti matenda ake, kapena kufa kwa mbewu zake, zinabwera chifukwa cha madziwo osati china. Ziwiri zoyambazo ndi za gulu lonse, ndipo zikatsimikizika kamodzi zimathandiza aliyense. Ziwiri zomalizazo ndi za munthu payekhapayekha. Loya wa kampani sachita kukana kuti mtsinje unaipa. Amangofunsa kuti, mayi, mu Novembala mvula ikamayamba, m'mudzi mwanu anthu satsegula m'mimba chaka chilichonse? Mukudziwa bwanji kuti ulendo uno anali madzi athu? Popanda pepala la dokotala lokhala ndi tsiku lake, funso limenelo lilibe yankho.

Komabe, kunena chilungamo, muyezo umenewu umapondereza wosauka. Munthu amene ali kutali ndi chipatala, m'mimba mukamupweteka amamwa madzi a mchere ndi shuga kapena kukumba mankhwala kutchire, n'kugona masiku atatu. Akapita kuchipatala chaching'ono, amamulembera mawu awiri atatu n'kumupatsa mapilitsi. Palibe amamutenga magazi kukayeza ngati muli kopa kapena zitsulo zina. Kuti dokotala alembe lipoti loti n'kukaima nalo m'khoti pamafunika ndalama, ndipo kuti katswiri abwere kudzafotokoza mgwirizano wa asidi wa m'madzi ndi matendawo pamafunika zochuluka kuposa pamenepo. Amene anavutika kwambiri ndi madziwo ndi omwewonso amene sakanatha kupeza mapepala.

Mtsinje nawo suthandiza wodandaula, chifukwa umachotsa umboni wokha. Pa mgodi ngati wa Nchanga, kopa wina amamusungunula m'matope pogwiritsa ntchito asidi, ndipo zotsalira zake zimayenera kuthiridwa laimu kuti asidiyo aphedwe zisanaponyedwe kudamu la zinyalala. Paipi ikaphulika kapena laimu akachepa, madzi otulukawo amakhala aukali ndiponso odzaza ndi zitsulo zosungunuka monga kopa, kobati ndi manganizi. Madzi abwino a mumtsinje amakhala ndi muyezo wa pH wa pakati pa 6.5 ndi 8.5, nambala ikatsika, asidi wachuluka, ndipo kutsika ndi sitepe imodzi yokha kumatanthauza kuti ukali wake wawirikiza kakhumi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 2 a kopa pa lita, ndipo nsomba zimafa ndi kopa wochepa kwambiri kuposa pamenepo. N'chifukwa chake nsomba zoyandama ndiye chizindikiro choyamba. Koma madzi aukaliwo amadutsa m'masiku ochepa, amasakanikirana ndi ena, n'kuyamba kuoneka bwino. Wobwera kudzayeza patatha milungu iwiri akhoza kupeza nambala zooneka zabwinobwino. Zitsulo zija zimakhala zatsikira m'matope a pansi ndi m'dothi la madimba, momwe zimakhala zaka, ndipo ochepa ndi amene amakumbukira kuyeza pamenepo.

Botolo la madzi nalonso lili ndi malamulo ake. Botolo limodzi lotungidwa pamalo oipa silitsimikiza kanthu, pakuti kampani idzati madziwo anali oipa kale asanafike pa ife. Pamafunika atatu osachepera: limodzi kumtunda kwa pomwe kampani imathira, lina pa paipi penipeni, lina kumunsi pomwe anthu amatunga, onse tsiku limodzi. Lililonse lilembedwe malo, tsiku, ola ndi dzina la wotunga, litsekedwe pamaso pa mboni, ndipo zidziwike kuti linadutsa m'manja mwa yani mpaka kukafika kumalo oyezera ovomerezeka. Madzi otungira m'botolo lakale la zakumwa, n'kukhala mlungu pawindo, loya wa kampani amawataya ndi funso limodzi.

Chigamulo cha 2015 chitatuluka, anthu ena a m'dera lomwelo anayesa khomo lina. Mu Julayi 2015, anthu 1,826 a m'midzi ya Shimulala, Hellen, Kakosa ndi Hippo Pool, motsogozedwa ndi dzina la Dominic Lungowe, anakasuma ku London kudzera mwa maloya a Leigh Day. Iwo sankadandaula za tsiku limodzi lokha ayi, koma za zaka zambiri za madzi oipa kuchokera m'chaka cha 2005. Ndipo sanasumire KCM yokha. Anasumiranso Vedanta, imene inali ndi magawo pafupifupi 79 pa 100 alionse a kampaniyo.

Vedanta inabwera ndi mayankho awiri amene makampani akuluakulu amakonda. Loyamba: mgodi si wathu, ndi wa KCM, yomwe ndi kampani payokha, ife tili ndi masheya chabe. Lachiwiri: mtsinje uli ku Zambia, odandaula ali ku Zambia, mboni zili ku Zambia, ndiye mlanduwu ukufuna chiyani ku London? Mkangano wa mafunso awiriwa wokha unadya zaka pafupifupi zinayi, kudutsa makhoti atatu, nkhani ya madzi yeniyeniyo isanayambe.

Pa 10 Epulo 2019, khoti lalikulu kwambiri la ku United Kingdom, m'chigamulo cholembedwa ndi Lord Briggs, linakana zonse ziwiri. Pa loyamba, linati kampani yaikulu ikhoza kukhala ndi udindo pa zochita za kampani yake yaing'ono ngati imalowerera pa kayendetsedwe ka ntchito, kapena ngati imauza dziko kuti imayang'anira, ngakhale isakuchitadi. Apa Vedanta inakodwa ndi mabuku ake omwe, momwe inkadzitama kuti imaika ndi kulondoloza miyezo yosamalira chilengedwe m'makampani ake onse. Pa lachiwiri, khoti linavomereza kuti malo oyenera mlanduwu analidi Zambia. Silinanene kuti majaji a ku Zambia ndi okondera kapena osadziwa ntchito. Linati vuto ndi ndalama: odandaulawo anali osauka kwambiri, thandizo la boma la maloya aulere silikanafika pa mlandu wotere, malamulo a Zambia sankalola loya kugwira ntchito pa pangano loti adzalipidwa mlandu ukapambana, ndipo kunalibe gulu la maloya lokhala ndi chuma ndi luso loti n'kulimbana ndi kampani yaikulu chonchi kwa zaka. Umboni waukulu wa mfundoyi unali mlandu wa Nyasulu womwe uja. Kugwa kwa anthu 1,989 ndi kumene kunatsegulira anzawo chitseko cha ku London.

Chigamulochi chinatchuka dziko lonse, ndipo Chilekwa Mumba, amene anayenda m'midzi kusonkhanitsa anthu ndi umboni, analandira mphoto ya Goldman ya oteteza chilengedwe m'chaka cha 2023. Koma tisachikuze kuposa msinkhu wake. Khoti la ku London silinagamule kuti Vedanta inaipitsa mtsinje. Linangoti mlandu ukhoza kumvedwa kumeneko. Ndipo sunamvedwe. Mu Januwale 2021 mbali ziwirizi zinagwirizana kunja kwa khoti: odandaula, omwe tsopano anali oposa 2,500 kuphatikizapo ana mazanamazana, analandira ndalama, kuchuluka kwake sikunalengezedwe, ndipo makampaniwo sanavomere kulakwa. Ine sindingaweruze munthu amene wadikira zaka zonsezo chifukwa cholandira chimene chaikidwa patebulo. Koma mgwirizano wachinsinsi susiya muyezo woti mudzi wina udzagwiritse ntchito mawa, ndipo njira ya ku London imatseguka pokhapokha mwini wamkulu wa kampani ali ndi likulu kumeneko. Pa 18 Febuluwale 2025, damu la zinyalala la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi, malinga ndi chiwerengero cha boma, analowa mumtsinje wa Mwambashi n'kukathira mu Kafue momwemo, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi, ndipo ndege za asilikali zinkamwaza laimu mumtsinje. Eni ake a kampani imeneyo ali ku China. Khomo limene anadzera a Lungowe silingawathandize anthu a ku Chambishi.

Nanga malamulo sanasinthe? Anasintha, ndipo pa funso la wololedwa kusuma anasintha kwambiri. Zambia inakhazikitsa lamulo latsopano la zachilengedwe m'chaka cha 2011, lomwe linabweretsa bungwe la ZEMA, linalemba mfundo ya woipitsa alipire, n'kupatsa munthu mphamvu yopita kukhoti kukaletsa ntchito yoipitsa, kukakamiza mkulu wa boma kuchitapo kanthu, kapena kufuna kuti woipitsa akonze zimene waononga. Kwathu kuno ku Malawi, lamulo loyendetsera zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la MEPA, pa gawo 4 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osaika moyo pachiswe, ndipo limalola munthu kusuma ngakhale sangaonetse kuti iye mwini waluza kapena wavulala, bola mlanduwo usakhale wachibwana kapena wongotayitsa khoti nthawi. Uku n'kusintha kwakukulu m'dziko limene makhoti ake ankadziwika ndi kubweza mabungwe pakhomo, monga zinachitikira bungwe la Civil Liberties Committee m'chaka cha 2004, pomwe khoti la apilo linati nkhani imene linabweretsa siinkalikhudza mokwanira.

Tanthauzo lake n'loti lero mphunzitsi wa ku Chilomoni, mpingo, kapena komiti ya m'mudzi kudzera mwa mamembala ake, akhoza kupempha khoti kuti fakitale isiye kuthira zoipa mumtsinje wa Mudi, popanda kuyamba waonetsa zilonda. Koma chilolezo chimenechi chimathandiza kwambiri poletsa ndi pokakamiza kukonza. Pa chipukuta misozi cha munthu payekha, mafunso anayi aja adakalipo, ndipo dzenje limene anagweramo anthu a Nyasulu silinakwiriridwe. Pa mtsinje ngati Mudi pali vuto linanso limene ku Chingola kunalibe: woipitsa si mmodzi. Mumalowa madzi a m'mafakitale a ku Makata ndi Ndirande, zonyansa za m'mapaipi ophulika a suweji, zinyalala za m'misika ndi za m'makomo. Aliyense akasumiridwa amaloza mnzake. Apa m'pamene botolo la kumtunda ndi la pa paipi penipeni limasanduka mboni yaikulu, pamodzi ndi chilolezo chotayira madzi oipa chimene fakitale imayenera kukhala nacho pansi pa lamulo la zamadzi la 2013. Chilolezocho chimanena muyezo umene kampani siyenera kupitirira, ndipo kampani yopitirira muyezo wa pa pepala lake lomwe imasowa pothawira.

Pali dziko limodzi limene khoti lake linayesa kudumpha dzenje limeneli. Ku India, bungwe la nzika za ku Vellore linasumira mafakitale ofufuta zikopa amene anaipitsa mtsinje wa Palar ndi zitsime za m'midzi m'chigawo cha Tamil Nadu. M'chaka cha 1996, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linati woipitsa ayenera kulipira zinthu ziwiri, anthu opwetekeka ndi mtengo wokonzera malo owonongekawo, ndipo linalamula boma kukhazikitsa bungwe loti lipite kumidziko, lipeze lokha mabanja okhudzidwa, liwerengere zimene aluza, ndipo ndalamazo zitoleredwe kwa mafakitalewo. Kumenekonso ndalama zinachedwa ndipo mtsinjewo sunachire msanga. Koma ganizo lake ndi limene ndikuliona kuti n'lolondola: ntchito yoyeza ndi kuwerengera isasiyidwe pamsana pa wodwala.

Mfundo ya woipitsa alipire imakhala yopanda mano ngati mtengo wopezera umboni suli m'gulu la zimene woipitsa amalipira. Pakachitika ngozi ngati ya ku Chingola, lamulo liyenera kukakamiza bungwe la boma kufika pamalopo m'maola oyambirira, kutunga madzi ndi matope, kulemba mayina a onse otunga pamenepo ndi kuwapititsa kukayezedwa, zotsatira zake n'kuzipereka poyera, bilu yonse n'kupita kwa kampani. Ndipo kampani ya mgodi isanakumbe, iziikiratu ndalama yokwanira pamalo pomwe singaitenge, chifukwa makampani amagwa ndi kusintha manja. KCM yomweyo inaikidwa m'manja mwa woyang'anira makampani ogwa mu Meyi 2019, patangotha mwezi chigamulo cha ku London chitatuluka, ndipo inatenga zaka isanabwerere kwa Vedanta. Ku Kayelekera ku Karonga, ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Kasiya ku Lilongwe, nthawi yofunsa za ndalama imeneyi, ndiponso yoyeza madzi a m'mitsinje ndi m'zitsime kuti tidziwe mmene alili lero, ndi ino. Popanda muyezo wa lero, palibe adzatsimikize mawa kuti chilipo chasintha.

Podikira kuti malamulo afike pamenepo, mudzi uli ndi zida zake zochepa. Buku la kuchipatala lija, limene ambiri timalisiya m'chikwama mpaka litanyowa, ndi chikalata cha umboni: wodwala apite tsiku lomwelo, auze dokotala kumene anatunga madzi ndipo apemphe kuti zimenezo zilembedwe. Mlangizi wa zaulimi aitanidwe dimba lisanalimidwenso, alembe kukula kwa malo ndi mbewu zimene zafa. Zithunzi za pafoni za nsomba ndi mtundu wa madzi zisungidwe ndi masiku ake. Kalata yodandaula ipite ku MEPA ndi ku khonsolo, ndipo kope yake yodindidwa itsale m'mudzi. Mlembi wa amfumu akhale ndi kaundula wa banja lililonse lokhudzidwa. Ndipo kampani ikabwera ndi matumba a ufa ndi pepala loti musayine, wina wodziwa malamulo ayambe waliwerenga, pakuti mapepala ena oterewa amanena kuti wosayinayo sadzasumanso. A Legal Aid Bureau ali ndi maofesi m'zigawo zonse, ndipo kufunsa n'kwaulere kwa amene alibe ndalama.

Makolo ankati mlandu suola, koma kukhoti la boma umaola. M'dziko muno, wofuna chipukuta misozi chifukwa chovulala kapena kudwala kaamba ka kusasamala kwa wina ali ndi zaka zitatu zokha zoti asume, ndipo pa katundu ndi mbewu zowonongeka ali ndi zisanu ndi chimodzi. Ngati mtsinje wa kwanu unasintha mtundu chaka chatha ndipo mukudikira kuti kampani ikwaniritse zimene inalonjeza pa msonkhano, dziwani kuti chaka chimodzi mwa zitatuzo chapita kale.